Cholembera chofiira chiloze pamene mwana wagwera

Sabata yatha mmodzi wa ana amene ndinawaphunzitsa kale ananditumizira chithunzi cha tsamba la homuweki ya mng'ono wake wa Fomu 2. Pambali pa yankho mphunzitsi anathetha, n'kulemba liwu limodzi lachingelezi, loti cheki, ndiye kuti onanso. Funso lake linali lakuti, "Aphunzitsi, mwanayu aonenso chiyani? Wabwereza katatu, yankho likubwera lomwelo."

Samuyo inali 5 − 2(x − 3) = 1. Mwanayo analemba chonchi:

5 − 2x − 6 = 1
−2x − 1 = 1
−2x = 2
x = −1

Yankho ndi lolakwa, inde. Koma taonani bwino. Pa mizere inayi walakwitsa umodzi wokha, woyamba. Pochotsa mabulaketi, −2 kuchulukitsa ndi −3 ndi +6, osati −6. Akanalemba 11 − 2x = 1, akanapeza x = 5. Mizere itatu yotsatirayo waiyendetsa bwino lomwe, kungoti wasenza cholakwa chija mpaka kumapeto.

Mnzathuyo sindikumunyoza, poti inenso ndachita zomwezi zaka zambiri. Koma liwu lija likaikidwa pa yankho, mwana amabwereza samu yonse ndi mutu womwewo, n'kugweranso m'dzenje lomwelo. Kenako amati masamu si ake, chikhalirecho chamuvuta ndi chinthu chimodzi, mainasi iwiri ikakumana. Ndikadakhala ine lero, ndikadazunguliza −6 uja, n'kuchonga mizere inayo.

Kungoyang'ana yankho kumatipusitsanso kwina. Mwana wina amafupikitsa 16/64 pofufuta 6 wapamwamba ndi 6 wapansi, n'kupeza 1/4. Yankho ndi lolondola, ife n'kuchonga. Mawa adzachita zomwezo pa 12/24, adzapezanso 1/4 m'malo mwa 1/2, ndipo amene tinamulimbitsa mtima ndife.

Ndikudziwa chimene anzanga munene: makope ndi mulu, nthawi tiitenga kuti? N'zoona, sungawerenge mzere uliwonse wa mwana aliyense. Ine ndikapereka masamu khumi, ndimasankha awiri n'kuwatsata mzere ndi mzere. Enawo ana amasinthana makope, n'kumatsatira njira imene talemba pa bolodi. Sizigwira bwino masiku onse, koma awiri aja amandiuza choti ndibwereze mawa lake.

Ndipo ngati tikufuna kuti mwana aonenso, timuphunzitse kaonedwe kake. Abwezere yankho m'samu momwe. Akaika −1 apeza 5 − 2(−4), yomwe ndi 13, osati 1, ndiye adziwa yekha kuti penapake pathina. Akaika 5 apeza 5 − 4, yomwe ndi 1. Koma kubwezeraku kumangomuuza kuti walakwa, sikumuuza pamene walakwira. Ntchito imeneyo ndi yathu.

Mwana wanga uja ndinamuyankha kuti asamuuze mng'ono wakeyo yankho. Angoika chala pa −6, n'kumufunsa kuti wachokera kuti.