Chenjezo: Dzimbiri la m'Bafa Limayambira Kobisika

Kwa onse amene muli ndi zoyanikapo matawulo, zokolekapo zovala kapena mashelefu agalasi m'bafa, komanso amene mukufuna kugula zinthuzi: pitani lero lomwe mukayang'ane matailosi amene ali m'munsi mwa pamene chitsulo chagwira khoma. Mukaona kamzere kofiirira katsetsereka kuchokera pamenepo, chotsani zonse zimene zili pashelefupo ndipo wina aliyense asagwirirenso chitsulocho. Kamzereko kakusonyeza kuti masikuluwu a mkati ayamba kudyeka.

Shelefu yagalasi nthawi zambiri imakhala pa timiyendo tiwiri. Kuseri kwa kamwendo kalikonse kuli kachitsulo kaphanthiphanthi komangidwa kukhoma ndi masikuluwu, ndipo chivundikiro chonyezimira chimabisa zonsezo. Opanga zotchipa amakongoletsa chivundikirocho, koma zamkati amaika zachitsulo wamba. Nthunzi ya madzi otentha ikagunda khoma lozizira imasanduka madontho, madonthowo amalowa kuseri kwa chivundikiro, ndipo poti mphepo sifikako, saumanso. Sikuluwu imaonda pang'onopang'ono pakhosi pake kunja kukuwalabe, mpaka tsiku lina imaduka galasi n'kugwera pamapazi a munthu wosavala nsapato. Choopsa kwambiri ndi agogo kapena mayi woyembekezera amene akaterereka amathamangira kugwira choyanikapo thawulo. Chimenecho, ngakhale chatsopano, sanachipangire kunyamula thupi la munthu. Chogwirira chenicheni chimagulidwa pachokha.

Pogula, kunyezimira kusakupusitseni. Zambiri zowala ngati kalilole ndi chitsulo wamba kapena zinki wokutidwa ndi kromu wopyapyala zedi. Kukangokandika pang'ono, chinyezi chimalowa pansi pake, kromuyo amatuluka matuza kenako n'kumasendeka. Mawu akuti sitenilesi paokha si chitsimikizo, chifukwa sitenilesi ali m'magulu. Funsani nambala yake. Ya m'bafa ndi 304, imene ena amalemba SUS304 kapena 18/8, kutanthauza kuti pa magawo 100 alionse, pafupifupi 18 ndi kromu ndipo 8 ndi nikelo. Kromu ameneyu ali m'chitsulo monse, kotero chikakandika chimadzitetezanso chokha. Nambala 201 ili ndi nikelo wochepa ndipo imachita madontho adzimbiri pamalo onyowa. Amene mumagwiritsa ntchito madzi amchere a pamjigo, monga m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, funani 316, poti imapirira mchere kuposa 304. Bulasi, amene mudzamudziwa ndi kulemera kwake, komanso aluminiyamu sizichita dzimbiri lofiira, ndipo zokolekapo zapulasitiki yolimba n'zabwino kuposa chitsulo chonamizira.

Tengani kamaginito popita ku hadiweya. Kakamamatira mwamphamvu, chimenecho ndi chitsulo wamba kapena sitenilesi wa 430, wosapirira chinyezi ngati 304, chisiyeni. Koma maginito ali ndi malire ake: sagwira 201 monga momwe sagwirira 304, ndipo sagwiranso zinki. Komanso 304 weniweni amatha kukokedwa pang'ono pamene anapindidwa. Choncho maginito amangokuthandizani kukana zoipitsitsa, sakulozerani chabwino. Nambalayo ikhale yodindidwa pachitsulo kapena pabokosi, osati yochokera pakamwa pa wogulitsa basi.

Ndiye tsegulani kapepala ka masikuluwu musanapereke ndalama, muyese maginitowo pamasikuluwu ndi patizitsulo takuseri. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Zikamamatira, gulani masikuluwu a sitenilesi apadera. M'hadiweya amawalemba A2, omwe ndi ofanana ndi 304, kapena A4, ofanana ndi 316. Womangirira athire silikoni m'bowo lililonse asanalowetse sikuluwu kuti madzi asapeze njira. Galasi la shelefu likhale lolimbitsidwa ndi moto, lija limasweka tizidutswa ting'onoting'ono m'malo mwa zisonga zocheka ngati mpeni.

Ngakhale 304 amaonongeka ndi katsukidwe. Musasiye jiki pachitsulo, chifukwa kolorini amaboola timaenje tosaoneka msanga. Akadonthapo, tsukuluzani ndi madzi ambiri n'kupukuta. Musakwechenso ndi sitiliwulo wotsukira mapoto, poti amasiya tizidutswa tachitsulo timene timachita dzimbiri pamwamba pa sitenilesi. Sopo, nsalu yofewa ndi kutsegula zenera mukatha kusamba n'zokwanira.

Amene munamangirira kale, gwedezani chitsulocho pang'ono ndi dzanja. Chikasuntha, masulani kasikuluwu kakang'ono kamene kali kunsi kwa chivundikiro, muchichotse muone kuseri. Mukapeza zofiira kapena zoyoyoka, sinthani masikuluwu onse pamodzi ndi kachitsulo kakuseriko musanaikeponso kanthu.