Keyala ya munthu wa kumudzi: tilembe chiyani?

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndikufuna tikambirane za kabokosi kamene kamativutitsa pa fomu iliyonse, kaya ndi ya kubanki, ya ntchito kapena yofunsira malo ku koleji: kabokosi ka adiresi. Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira pa Jali mpaka ku doko la Kachulu, nyumba zathu zilibe nambala ndipo tinjira tathu tilibe mayina. Ndiye ambiri timangolemba bokosi la sukulu paliponse. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi tichisiye.

Mafomu ambiri amafunsa zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi keyala, kumene kalata yanu ikafikire. Chachiwiri ndi kumene mumagona, kuti wokufunani akupezeni. Bokosi la ku positi limayankha funso loyamba lokha, chifukwa m'bokosi simugona munthu.

Pa keyala, kubwereka bokosi la sukulu, la mpingo kapena la chipatala si kulakwa, koma pali mwambo wake. Lembani dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, pansi pake c/o ndi dzina la munthu amene alipo lero ndipo akukudziwani, kenako dzina la sukulu, nambala ya bokosi ndi dzina la positi ofesi. Munthuyo mumuuze kuti mukuyembekeza kalata. Vuto limene timaliona m'chipinda cha aphunzitsi ndi makalata a ana amene analemba Fomu 4 zaka zisanu zapitazo. Mphunzitsi amene ankawadziwa anasamutsidwa, ndipo kalata yoitanira munthu ku mayeso a ntchito imagona m'katoni mpaka tsiku kudutsa.

Pa malo okhala, tsatani ndondomeko imene boma limagwiritsa ntchito. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, a NRB ankafunsa mudzi, T/A ndi boma. Imeneyo ndiyo adiresi ya munthu wa kumudzi, ndipo si yochititsa manyazi. Onjezani dzina la gulupu, popeza midzi ya dzina limodzi imapezeka m'madera osiyana. Musasokonezenso kwanu ndi kumene mukukhala. Mphunzitsi wochokera ku Ntcheu amene akukhala m'nyumba ya pasukulu alembe sukuluyo ngati malo okhala, za ku Ntcheu zipite pa mzere wa kumudzi kwawo.

Tiyerekeze mtsikana wa m'dera la T/A Mwambo akudzaza fomu pa foni. Dzina la mudzi wake tingoti Uje:

```
Address Line 1: Uje Village, GVH Uje
Address Line 2: T/A Mwambo, 2 km east of Jali Market
City: Zomba
Country: Malawi
```

Taonani mzere wachiwiriwo. Wapereka chizindikiro, mtunda ndi mbali yolowera. Chizindikiro chikhale chinthu chosasuntha, monga msika, sukulu, tchalitchi kapena mzikiti. Golosale imasintha mwini, mtengo wa mango umadulidwa. Ngakhale nyanja yathuyi si yodalirika: inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo amene analemba kuti amakhala pafupi ndi pokocheza mabwato anapezeka ali kutali ndi madzi. Msodzi wogona m'zimbowera nayenso alembe mudzi wa kumtunda kumene kuli banja lake. Pa City lembani Zomba, ngakhale simukhala m'tauni, chifukwa ndilo dzina limene mlendo angalipeze pa mapu.

Kabokosi ka Postal Code ndi komwe timagwa ambiri. Ena amalembapo 265, imene ndi nambala yoimbira foni ku Malawi kuchokera kunja. Ena amabwerezapo nambala ya bokosi. Zonsezi si zoona. Mu 2019 dziko lino linakhazikitsa manambala a madera a positi, kudzera ku bungwe la MACRA, ndipo nambala iliyonse ili ndi madijiti 6. Funsani ku positi ofesi nambala ya dera lanu, muilembe kuseri kwa kope. Ngati simunaipeze ndipo fomu ikulola, siyani popanda kanthu kusiyana ndi kupeka.

Ena anganene kuti masiku ano zonse zimayenda pa foni, ndiye kuvutikiranji. Zoona, nambala ya foni ilembedwe ndithu, ndipo muwonjezere ya m'bale wina. Koma foni imatayika, batire limatha, pamene mudzi ndi anyakwawa amakhalapobe.

Yesero lake ndi losavuta. Musanapereke fomu, muwerengereni wa kabaza wa pa Jali zimene mwalemba. Akati akhoza kukafika pakhomo panu atangofunsa kamodzi, adiresiyo ili bwino. Aphunzitsi a Fomu 4, tipatuleko phunziro limodzi ana asanatuluke, aliyense alembe keyala yake ndi malo ake okhala, tiwachongere.