Geni ya madzulo ku Nkhata Bay imagwa pa tsiku lachitatu

Mlembi kapena mphunzitsi amene waweruka 5 koloko amafika mu msika wa Nkhata Bay amayi ogulitsa tsiku lonse akuyamba kulongedza. Watsala ndi maola awiri kapena atatu, ndipo malipiro ake anachepa mphamvu chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ambiri otere amathamangira tomato poti amayenda malonda. Koma masamu ake ngoluma.

Mwachitsanzo, munthu waoda ndowa ya tomato 120 pa K20,000, ndipo chiphaso cha msika, mapepala ndi kabaza zadya K2,000. Posankha wapeza 12 ophwanyika. Otsalawo akukwana milu 27 ya anayianayi, ndipo pa K1,000 mulu akuyembekeza K27,000, phindu la K5,000. Wokhala pamsika kuyambira m'mawa akhoza kumaliza ndowayo dzuwa lisanalowe, koma wamadzulo akagulitsa milu 9 wachita bwino. Ndowa imodzi imutengera masiku atatu. Apa ndi pamene kutentha kwa kunyanja kumalowerera: tomato amene ku Mzuzu akanalimbabe, kuno pofika tsiku lachitatu wafewa, wayamba kuchucha pa phesi, tintchentche tikuzungulira dengu. Milu 9 yotsiriza ikapita pa K500, phindu latsala K500 basi, mbasela tisanaiwerenge n'komwe.

Ochenjera amaoda theka la ndowa, ndipo salola kuti onse akhale ofiira. Amasakaniza okupsa ogulitsa lero, oyezuka a mawa ndi obiriwira a mkuja, n'kuwayala pamphasa m'nyumba m'malo mowasiya ali m'thumba. Sawaika pafupi ndi nthochi zakupsa chifukwa mpweya wochokera ku nthochizo umafulumiza kupsa.

Mpamba wotsala ndi bwino upite ku anyezi kapena mbatatesi. Phindu lake n'lochepa, malonda ake ngozizira, koma zikakhala pouma zimadikira sabata yathunthu mwini wake ali ku ntchito. Chinangwa chachiwisi, ngakhale kuno ndi kwawo kwa kondowole, n'chonyenga: chikazulidwa chimayamba kuda m'kati pasanathe masiku atatu. Nthochi nazo, chiwonongereni minda matenda a chisaka, sizipezekanso motchipa monga kale, ndipo zambiri zimachokera ku Tanzania.

Wamadzulo ali ndi mwayi wakewake. Mayi wochokera kutali amene sakufuna kubwerera ndi dengu pa minibasi amatsitsa mtengo kukayamba kuda, choncho nthawi yogulitsa ndi yoodanso. Komanso tsiku limene Ilala yakocheza pa ulendo wa ku Chizumulu ndi Likoma, anthu a kuzilumba amagula zambiri nthawi imodzi, ndipo iwo amafuna tomato wolimba woti apirire m'sitima. Sitimayo imachedwa nthawi zina, moti ndowa yathunthu ndi yoodera sitimayo itaoneka kale padoko.