Diresi ya lesi ndi mikanda siikhulidwa pamwala

Mayi wina wa mu mpingo wathu anatibweretsera diresi ya lesi imene anavala pa ukwati wa mwana wake. Mikanda ya pachifuwa inali itayoyoka mzere wonse, ndipo mapewa anali atatalika. Anaichapa monga timachapira chitenje: kuikhula, kuifinya, kenako kuiyanika pachingwe. Nsalu imene anasonkhera ndalama miyezi ingapo inathera pa kuchapa kumodzi.

Tisanatunge madzi, titembenuze chovalacho tione mkati mwake. Ngati tikuona ulusi kuseri kwa mikanda ndi tonyezimira tija, ndiye kuti anachita kusokerera, ndipo chikhoza kulowa m'madzi. Ngati ulusi palibe, anamata ndi guluu, amene amafewa ndi madzi otentha kapena chovala chikakhalitsa m'beseni. Choterocho timangopukuta m'khwapa ndi m'khosi ndi kansalu konyowa.

Tonyezimira tambiri amatisokerera ndi ulusi umodzi wautali, n'chifukwa chake ukaduka pamodzi mzere wonse umatsatira. Ndiye paliponse pamene pakulendewera kaulusi, tiyambe tamanga mfundo ndi singano. Tisakadule, tisakakoke. Tipakenso kansalu koyera konyowa pa mkanda umodzi wobisika. Kakatenga mtundu, tidziwe kuti utotowo uthimbiriritsa lesi yonse.

Pochapa, tithire malita 10 a madzi ozizira m'beseni losalala mkati, ndi supuni imodzi yaikulu ya sopo wamadzi kapena shampu ya ana. Sopo waufa ndi waukali, amachotsa kuwala kwa mikanda, ndipo bulichi amasandutsa lesi ya nayiloni kukhala yachikasu. Titseke zipi ndi tingowe kuti zisakole maso a lesi, chovala chikhale chotembenuza, tichiviike mphindi 5 mpaka 10 basi. Manja athu azingochidinikiza pansi ndi kuchisiya, monga tikukanda ufa wa mandasi mofatsa. Titsukuluze kawiri kapena katatu mwa njira yomweyo.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Lesi yonyowa yokhala ndi mikanda imalemera kwambiri, ndipo tikainyamula pogwira mapewa, kulemerako kumakoka timaulusi tosalimba mpaka titatambasuka kosabwereranso. Tiitulutse manja onse awiri ali pansi pake ngati tikunyamula khanda. Tiigoneke pa thaulo louma, tikulunge ngati mphasa, tidinikize kuti madzi alowe m'thaulomo. Kenako tiyale pa thaulo lina pamthunzi podutsa mphepo.

Kuuma kotere kumatenga tsiku lathunthu, nthawi ya dzinja ngakhale awiri. Choncho chovala chimene tikufuna pa Sabata tisachichape Lachisanu. Lachiwiri kapena Lachitatu ndi bwino. Tikachisunga chisanaumitse chimachita nkhungu, ndipo fungo lake limavutitsa a mphumu m'nyumba. Simbi yamakala isachiyandikire. Ngati chakwinyika, tisite mkati mwake ndi simbi yofunda pang'ono, titayala nsalu ya thonje pamwamba, ndipo tizilambalala pamene pali tonyezimira.