Mkonono wa dalaivala si nthabwala pa M1

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, malole odzaza mabelo amakhala ali ndanda pa msewu wa M1 usana ndi usiku. Ngozi ikachitika timathamangira kunena za mowa, liwiro ndi maenje. Koma pali dalaivala wina amene sitimukamba: uja amagona maola 7 athunthu koma n'kumasinzabe pa chiwongolero.

Mufunseni mkazi wake. Akuuzani kuti bambo amaliza mkonono womveka mpaka kuchigafa, kenako zii, ngati afa. Pakapita kanthawi amadzidzimuka ngati wotsamwa, mkonono n'kuyambiranso. Kumeneku ndiye kubanika kutulo.

Chimachitika n'chakuti munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka. Okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umamudzutsa pang'ono kuti apume, iye osadziwa. Madokotala amawerenga kubanika kulikonse kwa masekondi 10 kapena kuposa. Kukafika kasanu pa ola, vuto layamba. Kukafika ka 30, ndi lalikulu. Ndiye tawerengani: ka 30 pa ola, kwa maola 7, ndi ka 210 usiku umodzi. M'mawa mutu ukuwawa, kukamwa gwaa, masana tulo. Zikapitirira, kuthamanga kwa magazi kumavuta kutsitsa ndipo chiopsezo cha sitiroko chimakwera. Kunenepa, khosi lalikulu, mowa wa madzulo ndi kugona chagada zimawonjezera vutoli.

Chithandizo chodalirika ndi makina a CPAP, omwe Colin Sullivan wa ku Australia anawayambitsa mu 1981. Si silinda ya okosijeni ayi. Ndi kapampu kokankha mpweya wamba kudzera m'paipi mpaka pa masiki ya pamphuno. Mphamvu ya mpweyawo imagwira khosi kuti lisafwaphe, monga mpweya umagwirira chubu cha njinga. Dokotala ndiye amatchera mphamvuyo. Masiki ikamadontha mpweya, maso amauma ndipo mkonono umabwerera. Komanso makinawa sachiritsa: usiku womwe simuvala, kubanika kumabweranso.

Apa ndiye pali nkhani. Malawi si mlendo pa CPAP. Makina a Pumani, omwe anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amathandiza makanda kupuma m'zipatala zathu. Koma a akuluakulu ndi ena, ofunika kukhala nawo kunyumba ndi magetsi a usiku wonse. Kwa dalaivala wa kwa Santhe kapena ku Chamama, wogona m'lole podikira kutsitsa mabelo, ndiye kuti pafunikanso batire kapena sola.

Chomwe sichifuna magetsi ndi funso. Eni malole ndi azaumoyo oyeza kuthamanga kwa magazi azifunsa: mumaliza mkonono? Alipo anakuonani mutasiya kupuma? Mumasinza masana? Ngati bambo anu akuyankha eya, ajambuleni pa foni akagona, mphindi zochepa chabe, mukaonetse ku chipatala. Poyembekezera, azigona chammbali, asiye mowa wa usiku, ndipo tulo tikawapeza pa msewu, ayimitse lole.