Nthabwala za Unoka si zopumulirapo

Anzanga m'kalasi amati nthabwala za m'buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, n'zongopumulirapo. Ine ndikukana. Taonani Unoka. Okoye wabwera kudzalonjerera ngongole yake, iye akungofa nalo phwete, n'kumulozera mizere ya choko pakhoma: ayamba wabweza ngongole zikuluzikulu, yakeyo idikire. Ndinaseka, pajatu tonse tili nawo amalume otere.

Koma pitirirani masamba ochepa. Munthu yemweyu watupa mimba, akukamutaya kunkhalango kuti akafere komweko, iye watenga chitoliro chake. Achebe akanatipatsa mlesi wosasangalatsa, tikanangoti zake zimenezo. Anayamba watiseketsa kuti timukonde. Ndiye Okonkwo akamachita manyazi ndi bambo ake, ine ndimachita manyazi ndi kuseka kwanga kuja.