Umboni wogula ndi ndalama sugulitsa uchi kawiri

Uchi wa ku Rumphi, wofulidwa m'midzi yozungulira nkhalango za Nyika ndi Vwaza, umagulidwa ndi anthu a ku Mzuzu, Lilongwe ngakhale Blantyre amene sanamuonepo wogulitsa. Amaona chithunzi cha botolo pa WhatsApp kapena Facebook, n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako n'kudikira katundu pa basi. Munthu wotere sanalawe uchiwo. Chimene chimamulimbitsa mtima ndi mawu a amene anagulapo kale. N'chifukwa chake amalonda ena amagulira anzawo mayunitsi kuti alembe zoyamikira katundu yemwe sanamuone n'komwe. Njirayi ndi yolakwika, komanso pa bizinesi ndi yoluzitsa.

Umboni wogula umadziwika msanga. Mauthenga ake amafika tsiku limodzi ngati anapangana, ndipo onse amangoti "uchi wabwino zedi" osatchula kukula kwa botolo, tsiku lomwe linafika, kapena ngati linadontha m'njira. Mayina omwewo amapezekanso akutamanda wogulitsa nyemba lero, mawa wogulitsa zitenje. Wogula wochenjera akafunsa nambala ya mmodzi mwa oyamikirawo kuti amve yekha, wamalonda amayamba kuzemba. Ndipo m'misika ngati ya pa Boma ndi ya Bolero, momwe anthu amadziwana ndi mayina, chinsinsi cha anthu asanu olipidwa sichitha mwezi.

Palinso lamulo. Kunamiza ogula za katundu n'koletsedwa m'Malawi muno, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo otere. Lamulo latsopano la 2024 linapatsa bungweli mphamvu zolipiritsa chindapusa palokha. Ku America nako, kugula kapena kugulitsa umboni wabodza kunaletsedwa ndi lamulo lapadera mu 2024.

Koma vuto lalikulu la umboni wabodza ndi lakuti umatseka makutu a mwini malonda. Nachi chitsanzo. Mayi wina wa ku Bolero watumiza mabotolo 20 a uchi kwa ogula a ku Mzuzu m'mwezi wa Juni. Kuzizira kwa ku Mzuzu kumafulumizitsa uchi kuuma n'kukhala ndi timibulu ngati mchenga. Uchi weniweni umatero mwachibadwa, koma ogula ambiri amaganiza kuti wathiridwa shuga. Ngati mayiyu amadalira mawu ogula ndi mayunitsi, sangamve kalikonse. Amene akhumudwa amangokhala chete, n'kumauza anzawo ku ntchito kuti uchi wa mayi uja ndi wachinyengo.

Mayi yemweyo akamalemba m'kope dzina la wogula aliyense, kukula kwa botolo ndi tsiku lotumiza, nkhani imasintha. Pakatha sabata, uchi utalawidwa kangapo, amatumiza uthenga kwa onse 20, osati kwa okhawo amene akuwaganizira kuti akondwa. Uthengawo sukhala wopempha matamando. Umakhala funso: "Mwaswera bwanji bambo? Uchi uja unafika bwino, osadontha? Nanga mwauona bwanji pa kakomedwe ndi kulimba kwake? Ngati pali chosakomera, mundiuze ndithu." Funso lotere limabweretsa yankho lokhala ndi mfundo, ndipo mfundozo ndi zimene wogula watsopano amakhulupirira.

Si onse amayankha, ndipo zimenezo n'zosadabwitsa. Mwina ayankha asanu ndi awiri: asanu akondwa, mmodzi akuti chivindikiro chinadontha, wina akuti uchi wauma. Wa uchi wouma uja amafotokozeredwa kuti aike botolo m'madzi ofunda, osati owira, ndipo uchi usungunuka osataya fungo. Wa chivindikiro amapepesedwa n'kubwezeredwa chomwe chinatayika, ndipo ulendo wotsatira mabotolo amamatidwa bwino. Anthu awiriwa, omwe akanathawa mwakachetechete, akhoza kukhala mboni zamphamvu kuposa asanu aja, chifukwa aona momwe mayiyu amachitira zinthu zikalakwika.

Pa uchi, funso lachiwiri pakatha mwezi limathandiza kwambiri. Uchi wofulidwa usanakhwime, njuchi zisanamate zisa, umakhala ndi madzi ambiri. Madzi akapitirira magawo 20 pa 100, uchi umayamba kuwira, kuchita thovu ndi kununkha ngati mowa, koma izi zimaoneka patapita nthawi. Wogula amene anganene kuti patha mwezi uchi udakali bwinobwino wapereka umboni womwe munthu wolipidwa sangaupeke. Ngati anena kuti wachita thovu, wamalonda wadziwa mlimi amene ayenera kukambirana naye.

Mawu abwino akabwera, asaonetsedwe kwa anthu mwini wake asanalole. Chithunzi cha uthenga chimakhala ndi nambala ya foni ndi nkhope ya munthu, ndipo ena safuna kuti zimenezi zizizungulira m'magulu. Wamalonda apemphe poyera: "Kodi mungalole kuti mawu anuwa ndiwaonetse ena, nditabisa nambala yanu?" Akaloledwa, awasiye momwe alili, kaya ndi a Chitumbuka, kaya ali ndi kadandaulo kakang'ono kumapeto. Uthenga woti "uchi ndi wokoma koma unachedwa ndi tsiku limodzi" umakhulupirika kuposa khumi opanda banga. Amene savutika kulankhula koma amachita ulesi kulemba angathe kujambula mawu awo pa foni.

Nanga basela? Kuwonjezera kabotolo kakang'ono kwa kasitomala wokhazikika ndi mwambo wa pamsika, ndipo palibe cholakwa. Malire ake ali pa chifukwa choperekera. Basela woperekedwa chifukwa munthu wagula ndi mphatso. Woperekedwa pokhapokha munthu atalemba zabwino ndi malipiro, ndipo mawu otsatira pamenepo ndi ogula, ngakhale wolembayo analawadi uchiwo. Wachibale amene wagula akhoza kuyamikira, bola zidziwike kuti ndi wachibale.

Pali umboni wina woti usafalitsidwe ngakhale utachokera pansi pa mtima. Wogula akalemba kuti uchiwo wamuchiza matenda a shuga kapena zilonda za m'mimba, wamalonda athokoze koma asauonetse kwa anthu. Akautumiza m'magulu, ndiye kuti iyeyo walonjeza machiritso omwe sangawatsimikize, ndipo wodwala wina akhoza kusiya mankhwala a kuchipatala.

Ena anena kuti zonsezi n'zabwino kwa amene ali kale ndi makasitomala, koma woyamba kumene alibe womufunsa. Dandauloli ndi loona, ndipo miyezi yoyamba imakhaladi yolimba. Komabe chimene wogula wakutali amaopa ndi kutaya ndalama, ndipo mantha amenewo amachepa popanda bodza. Woyamba kumene agulitse mabotolo aang'ono kuti woyesa asaike ndalama zambiri, alole kulandira theka katundu asanapite ndi theka atafika, komanso alawitse anthu pa tsiku la msika. Ogula asanu oyamba akafunsidwa bwino, mmodzi kapena awiri adzalola kuti wokayika aziwaimbira foni. Wamalonda wa ku Rumphi amene ali ndi anthu awiri otere ku Mzuzu ali patsogolo pa mnzake amene ali ndi mauthenga makumi atatu opanda mwini woyankha foni.